Makutu Awa Ndithokoze Yani?

1

Dzina langa ndine Geraldo, ndipo chinthu choyamba chimene munthu amaona pa ine ndi makutu. Ndikamatsetsereka pa njinga kuchokera ku Domwe amagwira mphepo, ndipo anzanga ankati ndikafika pakhomo pa eni, makutu ndiwo amayamba kuodira. Ndinazolowera kuwaseka ndekha ena asanayambe. Chizolowezi chimenechi ndicho chinachotsa bambo anga pakhomo pathu m'chaka cha 1956, ndipo ndalemba kuti ndiulule mmene ndinachitira.

Chaka chimenecho ndinali pulofesolo watsopano, ndiye kuti mphunzitsi, pa kashikola ka mishoni m'mudzi mwathu. Ndinali ndi kazako limodzi, jekete lovala Lamlungu, kaneta yolembera m'thumba lapachifuwa, ndi mutu wotupa ndi Chipwitikizi. Koma chimene ndinkanyadira koposa chinali chakuti ndinkadziwa tsiku limene ndinabadwa. Kwathu ameneyu anali mwayi wa anthu ochepa. Wina ankati anabadwa chaka cha dzombe, wina chaka cha nthomba. Za ine ankangoti ndinabadwa chaka chimene a Basilio, bambo anga, anabwera kuchokera ku Halale kumene ankagwira ntchito m'minda ya fodya, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Koma polowa maphunziro a uphunzitsi anafuna kalata ya ubatizo, ndipo m'menemo ndinapeza tsiku langa litalembedwa bwinobwino: 3 Mayu 1931. Ndinalisunga ngati ndatola ng'ombe.

Kumaphunziroko ndinaonanso mmene Apwitikizi amachitira munthu akakwanitsa chaka china. Amadya, amamwa, amamuimbira, ndipo ena amajambulitsa chithunzi n'kulembapo mawu oti atumizire abale. Mawuwo ali ndi kalembedwe kake. Umaika tsiku ndi zaka, umathokoza, kenako umadzinyoza pang'ono kuti anthu asanene kuti ukudzitama. Ine ndinaona kuti zaka makumi awiri ndi zisanu si zoti zingodutsa ngati Lachiwiri wamba. Ndivomerenso kuti panali mtsikana wina, Zita, woimba m'kwaya, amene ndinkafuna kuti adziwe kuti kumbuyo kwa makutuwa kuli munthu wanzeru.

2

Tsikulo linagwera pa Lachinayi, tsiku limene shikola inkatseka. Ndinapalasa njinga mpaka ku Ulongwe, kumene Apwitikizi ankakutcha Vila Coutinho, kukafuna a Salvador. Iwo anali wojambula zithunzi woyenda m'misika, lero Ulongwe, mawa Domwe, mkuja Lifidzi, atamangirira bokosi lawo la miyendo itatu pa njinga.

Anandikhazika pa mpando kutsogolo kwa nsalu yakuda, nandiuza kuti ndisapume. Anavundukula diso la bokosi, nawerenga mpaka kanayi, nalitsekanso. Kenako analowetsa dzanja m'mkono wa nsalu wosokeredwa kumbuyo kwa bokosilo n'kumafwathafwatha m'kati, momwe munali timbale ta mankhwala. Pepala loyamba limatuluka lotembenuka, choyera chakuda, chakuda choyera. Ndinadziona ndili mzungu wa mano akuda, koma makutu anali omwewo.

A Salvador anandifotokozera kuti pepala limeneli amaliika pa kathabwa kutsogolo kwa diso n'kulijambulanso, ndipo apo m'pamene chithunzi chenicheni chimatuluka. Wofuna mawu amalemba ndi tinta wakuda pa kapepala kakatali, iwo n'kukamata m'munsi mwa pepala lotembenuka lija, ndipo mawuwo amatuluka oyera pa mzere wakuda. Anandipempha ndiwaonetse zimene ndinakonza.

Ndinasolola tsamba lathunthu. Ndinali nditathokoza Mulungu, amayi, abambo, apadiri, aphunzitsi anga onse, amalume, ngakhale njinga. A Salvador anawerenga mpaka pakati n'kundibwezera.

“Apulofesolo, ichi ndi chithunzi, si ulaliki. Mizere inayi basi, zilembo zikuluzikulu. Mukachulutsa zimatuluka ngati nyerere.”

Ndinakhala pa mwala n'kuyamba kudula. Apadiri anapita, aphunzitsi anapita, amalume ndi njinga anapitira limodzi. Inatsala mizere isanu. Wachinayi unkati, “Zikomo abambo pondilera ndi kundiphunzitsa.” Wachisanu unali nthabwala yanga ya makutu, imene ndinaiganizira mlungu wathunthu ndipo ndinali nditaiseka kale ndekha kangapo. Umodzi unayenera kuchoka.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinavutika posankha. Sindinavutike. Ndinati abambo ndi munthu wosakonda zoyamikiridwa, ndipo kuwerenga sadziwa, pamene Zita amadziwa kuwerenga ndiponso amaseka mokoma. Ndinafafaniza mzere wachinayi. Chithunzi chitatsukidwa mu ndowa ndi kuuma padzuwa, pansi pa nkhope yanga panali mawu awa:

3 Mayu 1931 mpaka 3 Mayu 1956.
Zaka 25, nzeru za mwana wa zaka 5.
Zikomo Mulungu pa moyo, zikomo amayi pa phala.
Koma makutu awa, sindidziwa ndithokoze yani.

A Salvador anaseka mpaka kugwira mwendo wa bokosi lawo. Anandipempha kuti atsukenso china choti amate pambali pa bokosi, pamene ankaikapo zithunzi zokopera anthu. Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinabwerera kwathu ndikuimba mluzu, ndikuganiza kuti dera lathu lonse la Angónia lidziwa kuti kuli Geraldo.

3

Lamlungu titaweruka kumapemphero ndinaitanira anthu pakhomo pa makolo anga. Amayi, a Efigénia, anafulula thobwa nawiritsa kachewere watsopano, ngakhale sankamvetsa kuti munthu amachita bwanji phwando chifukwa chongokhala ndi moyo. Abambo anakhala pa kampando kawo pansi pa mpichesi, chipewa chili pa bondo. Ndi munthu wa mawu ochepa ndi makutu ang'onoang'ono ngati a mbewa, ndipo m'zaka zonsezo sindinaganizepo kanthu za kusiyana kumeneku. Mwaona nzeru za pulofesolo.

Chithunzi chinayenda m'manja mwa anthu. Popeza ambiri sankadziwa kuwerenga, ndinaimirira, ndinakonza kazako, ndi kuwawerengera mokweza. Ndinamasuliranso kuti Mayu ndi mwezi uno womwe, wokolola chimanga. Pa mzere wa nzeru za mwana anthu anaseka. Pa mzere wa phala anaombera amayi m'manja. Ndinapuma pang'ono monga amachitira odziwa nthabwala, n'kuponya mzere wotsiriza.

Achinyamata anaseka, Zita anaseka mpaka kubisa nkhope m'mpango. Koma kumphasa kwa akuluakulu kunali zii. Mayi wina wachikulire anayamba kuwerenga pa zala, akunong'oneza mnzake kuti a Basilio anabwera pa Natale, nthawi ya Khirisimasi, chimanga chili m'mawondo. Mnzakeyo anam'tsina. Bambo wina anatsamwa ndi thobwa. Amayi anadzuka n'kulowa m'nyumba ngati aiwala chinthu pamoto.

Abambo anatambasula dzanja kuti ndiwapatse chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, nandipempha kuti ndiwawerengerenso zonse pang'onopang'ono. Ndinawerenga, mawu akuchepa mzere ndi mzere.

“Zathera pomwepo?” anafunsa.

Ndinati zathera pomwepo. Anagwedeza mutu, nandibwezera chithunzi, navala chipewa chawo. M'mawa mwake khasu lawo, nkhwangwa ndi bulangete panalibe. Abambo anali mkamwini m'mudzi wa amayi kwa zaka pafupifupi makumi atatu, ndipo mkamwini akatenga khasu lake aliyense amadziwa tanthauzo lake. Anali atabwerera kwawo ku Lifidzi.

4

Masiku awiri ndinayenda ndikudzilungamitsa. Ndinkauza aliyense wofuna kumva kuti anthu akumudzi sadziwa nthabwala. Ndikadutsa, amayi a pachitsime ankasiya kulankhula n'kumandiyang'ana m'mbali mwa mutu.

Tsiku lachitatu ndinawapeza amayi kumunda akukumba kachewere okha, ntchito imene ankagwira ndi abambo chaka chilichonse. Ndinawafunsa kuti ndalakwa chiyani kwenikweni. Sanasiye kukumba. Anandifunsa kuti popeza ndine wophunzira, ndiwerenge ndekha: abambo anapita ku Halale chaka cha 1929 mvula isanayambe, ndipo anabwera pa Natale wa 1931.

Ndinawerenga. Ine amene ndinkakwapula ana a eni chifukwa cholephera kuchotsera, ndinaima m'munda wa kachewere ndikuwerenga pa zala, kawiri, ndipo yankho linali lomwelo. Abambo atafika ndinali kale ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Amayi anakhala pansi pa mzere n'kundiuza zonse, maso ali pa dothi. Zaka ziwiri zinadutsa popanda kalata kapena uthenga, ndipo anthu anayamba kunena kuti a Basilio atchona, ena ankati anafa. Panali mwamuna wina, a Anselmo, woyendetsa ngolo ya ng'ombe, amene ankawathandiza kututa chimanga. Anamwalira ine ndili wamng'ono, sindiwakumbuka. Akuluakulu onse ankawakumbuka, makamaka makutu awo.

“Mudzi wonse unagwirizana kuiwala mwezi,” anatero amayi. “Tinasunga chaka chokha. Iwe wapita kukaufukula mweziwo, n'kuujambulitsa, n'kutiitana kuti utiwerengere.”

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Ndinafuna kukwiyira amayi, koma mkwiyo sunabwere. Ndinkangoona abambo akufunsa kuti zathera pomwepo. Ndiponso ndinakumbuka bokosi la a Salvador, limene pa nthawiyo linali likuzungulira misika ndi makutu anga pambali pake.

5

Lachinayi lotsatira ndinapalasa kupita ku Lifidzi. Ndinawapeza abambo pakhomo pa mlongo wawo, akupuntha nyemba ndi ndodo. Ndinagwada n'kupereka moni. Anayankha ngati akuyankha mlendo wofunsa njira, napitiriza kupuntha. Anandiuza kuti chithunzi changa chinawatsogolera: dzana lake a Salvador anali pa msika wa kumeneko, ndipo mnyamata wina wophunzira ankawerengera anthu mokweza, anthu n'kumafa nazo nseko. Iwo anaima kumbuyo ndi thumba la mchere, akumva.

Ndinayamba kupepesa kuti sindinkadziwa za a Anselmo. Anandidula.

“Za makutuzo zisiye. Ndinazidziwa tsiku loyamba, ndili ndi maso. Chandipweteka n'chakuti unathokoza Mulungu, unathokoza amako, unathokoza ndi phala lomwe. Ine ndinadikira kuti mwina dzina langa lili kumapeto. Kumapeto kunali funso.”

Apa ndikanatha kukhala chete, ndipo mwina akanaganiza kuti ndinangoiwala. Koma tsamba lija linali m'thumba la kazako. Ndinalitulutsa, ndinawaonetsa mzere wofafanizidwa, ndi kuwauza zoona: kuti dzina lawo linalipo, kuti malo anachepa, ndipo ndinawachotsa iwo kuti nthabwala ikwane, chifukwa ndinkafuna kuti mtsikana wina aseke.

Anaika ndodo pansi. Ndinaganiza kuti andithamangitsa. M'malo mwake anafunsa ngati mtsikanayo anasekadi. Ndinati anaseka.

“Ndiye sunanditaye pachabe,” anatero. Sanamwetulire, ndipo ine ndinalira ngati mwana wa zaka zisanu uja ndinam'lemba pa chithunzi.

Anandisiya ndilire mpaka nditatopa, kenako anandiuza mbali yawo. Anati anafika pa Natale atavala suti yatsopano ya ku Halale, akuyembekeza nthungululu, napeza mudzi uli duu ndi mkazi wawo ali ndi khanda kumsana. Ankhoswe anakhala pansi, ndipo abale awo anawauza kuti atenge katundu azipita. Iwo anapempha kuti aone kaye mwanayo. Atangondiika pa miyendo pawo, ndinawanyowetsa suti yonse. Anati pamenepo anaseka kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, ndipo munthu ukaseka mlandu suuyambanso bwino. Anaganizanso kuti zaka ziwiri zosatumiza ngakhale moni zinali zawo, osati za amayi. Anauza ankhoswe kuti mwanayu ndi wawo, ndipo wofuna kunena zina akanenere kumanda.

Mwezi wotsatira ananditenga iwo eni kukandibatiza, amalume akuwaperekeza. Padiri atafunsa tsiku lobadwa, amalume anafuna kunena kuti ndabadwa kumene, koma abambo anakana kunama m'buku la Mulungu. Anafotokoza kuti ndinabadwa pokolola, tsiku la Mtanda Woyera, ndipo padiri analemba 3 Mayu. Tsiku lija ndinkalinyadira ngati ndalipeza ndi nzeru zanga, anandisungira ndi iwo.

Ndinawapempha kuti tibwerere kwathu. Anakana. Anati anachoka anthu akuona, atanyozeka anthu akumva, ndipo sangabwerere mozemba ngati mbuzi yothawa m'khola. Ndinafunsa kuti ndichite chiyani. Anatola ndodo yawo nati, “Wophunzira ndiwe.”

6

A Salvador ndinawapeza Loweruka pa msika wa Domwe, anthu ataunjikana pa bokosi lawo. Ndinawapempha kuti amatule chithunzi changa. Anakana mwaulemu, nati chiyambire ntchitoyi sanakhalepo ndi chithunzi choitana anthu ngati chimenechi. Nditawafotokozera zonse anakanda mutu. Anati kumatula kokha sikuthandiza, popeza anthu analoweza kale mawuwo. Chimene chingafafanize chithunzi ndi chithunzi chinzake, chomatidwa pamalo omwewo.

Ndinatumiza uthenga ku Lifidzi ndi munthu wa ngolo, kuti Loweruka lotsatira ndidzakhala pa msika wa Domwe ndi kapepala kosalembapo kanthu, ndipo mizere inayi yonse ndi yawo.

Ndinafika m'mamawa. Dzuwa linakwera, ogulitsa kachewere anayamba kumanga matumba, a Salvador anayamba kuyang'ana kumwamba chifukwa bokosi lawo silijambula dzuwa likapendeka. Amayi anali ataima patali pafupi ndi ogulitsa miphika, akunamizira kusankha. Zita nayenso analipo. Anali atandiuza kale kuti munthu wochotsa bambo ake kuti nthabwala ikwane ayenera kuyang'aniridwa bwino, ndipo sanaganizebe ngati ntchitoyo angaifune.

Anthu atayamba kubalalika ndinaona chipewa chija. Abambo ankabwera wapansi, atavala suti ya ku Halale, yothina m'mapewa, yotumbuluka, yonunkha utsi wa m'denga. Sanandipatse moni. Anauza a Salvador kuti ine ndikhale pa mpando, iwo aima kumbuyo. A Salvador atati tisapume, ndinamva zala zolimba ngati nkhuni zikugwira khutu langa lamanja n'kulikokera m'mwamba, monga ankachitira ndikalowetsa mbuzi m'munda wa eni. Ndinapirira mpaka kanayi. Msika wonse unaseka, ndipo ulendo uno akuluakulu ndiwo anayamba.

Ndinatulutsa kaneta ndi kufunsa zoti ndilembe. Anati mizere inayi ndi yochuluka, iwo si pulofesolo. Ananena iwiri, mokweza kuti ndi ogulitsa miphika omwe amve:

Makutuwa si anga, koma wowakoka ndine.
Basilio, bambo wake wa Geraldo.

Ndinawononga kapepala koyamba, n'kulembanso pa kena. A Salvador anamatula chithunzi chakale n'kumata chatsopano chisanaume bwino. Abambo anachiyang'ana, nadandaula kuti suti yatuluka yokwinyika, kenako anatembenukira kwa amayi n'kufunsa ngati kachewere wa kumunsi kwa munda anamaliza kukumba. Amayi anati anawasiyira mizere isanu ndi umodzi. Tinabwerera kwathu atatu, ine ndikukankha njinga kumbuyo, khutu likutentha.

7

Owerenga anzanga, papita zaka zitatu. Zita anavomera ntchito yondiyang'anira ija, ndipo mwana wathu woyamba anabadwa ndi makutu amene azamba anawaona thupi lonse lisanatuluke. Agogo ake, a Basilio, amati akudikira akule pang'ono kuti ayambe kuwakoka.

Sindinasiye kujambulitsa pa 3 Mayu, ndipo sindinasiye kudziseka, chifukwa ndi nkhope ngati yangayi palibe njira ina. Sindikukuuzani kuti musiye nthabwala. Ndikungoti mukamalemba mawu a tsiku lanu lobadwa, kumbukirani kuti tsikulo si lanu nokha. Inu munangofika, koma alipo ena amene analisenza, ndipo ena mwa iwo sadziwa kuwerenga, amangodikira kumva ngati dzina lawo litchulidwe. Malo akachepa, yang'anitsitsani amene mukumufafaniza.

Ine masiku ano ndisanapite kwa a Salvador ndimayamba ndawawerengera abambo pansi pa mpichesi. Mzere woyamba ndi wawo, tsiku ndi zaka zimabwera pambuyo. Chaka chilichonse amamvetsera chipewa chili pa bondo, ndipo ndikamaliza amafunsa funso lomwe lija, ngati zathera pomwepo. Ndikati inde, amati zachuluka, ndichotseko mzere umodzi. Sanandiuzepo kuti ndichotse woyambawo.